Foni yotchipa ndi magemu olemera: mphindi zisanu za mu shopu zimanama

Pitani ku Town Centre, mu msewu wa Katondo kapena ku Kamwala tsiku lililonse, mudzamva funso limodzimodzi kuchokera kwa achinyamata amene akusankha foni: "Bosi, iyi ingakoke PUBG?" Yankho nalonso silisintha: "Iyi ikoka zonse, onani chabe RAM yake." Wogulitsa amatsegula gemu, imayenda bwino kwa mphindi zitatu kapena zisanu, ndalama zimaperekedwa. Pakapita sabata, foni yomweyo ikudukizadukiza pakati pa nkhondo, kumbuyo kwake kwatentha ngati mbale ya nsima, ndipo mwini wake akuti anamugulitsa feki.

Kawirikawiri foniyo si feki ayi. Ikuchita zimene mphamvu zake zimalola. Maganizo athu pa nkhaniyi ndi awa: foni yotchipa ingathe kusewera magemu ambiri otchuka, koma siingakupatseni zinthu zitatu pa nthawi imodzi, zithunzi zokongola, kuyenda kosadukiza ndi thupi lozizira. Chimodzi muyenera kuchisiya, ndipo chofunika kusiya ndi kukongola kwa zithunzi. Amene akana kusankha, foni idzamusankhira yokha, ndipo idzasankha pa nthawi yoipa.

Chimene chimachitika m'kati

Foni ilibe fani ngati kompyuta. Pafupifupi magetsi onse amene imatenga mu batire amasanduka kutentha, ndipo kutenthako kulibe njira ina yotulukira koma kudzera m'thupi la foni, kumbuyo ndi pa galasi. Mafoni odula amakhala ndi zitsulo zapadera m'kati zomwaza kutentha kuti kufalikire thupi lonse. Foni yotchipa nthawi zambiri imakhala ya pulasitiki, ndipo pulasitiki siitulutsa kutentha msanga.

Mukatsegula gemu foni ili yozizira, chipu, kamtima kamene kamawerengera zonse ndi kujambula zithunzi, kamathamanga ndi mphamvu zake zonse. Ndiye chifukwa chake mu shopu zonse zimaoneka bwino. Koma pakatha mphindi 15 kapena 20, kutentha kumakhala kwaunjikana. Foni ili ndi tizipangizo toyeza kutentha, ndipo ikaona kuti kwafika pa malire, imachepetsa dala liwiro la chipu kuti isaonongeke. Apa ndi pamene gemu imayamba kudukiza. Si matenda, ndi chitetezo chimene opanga anaikamo. Vuto ndi lakuti gemu imodzi ya PUBG Mobile ingatenge pafupifupi theka la ola, ndiye kuchepetsa liwiroko kumabwera kumapeto, pamene adani atsala ochepa ndipo sekondi iliyonse ndi ya mtengo.

Kuti gemu ioneke ngati ikuyenda, foni imajambula zithunzi zambiri motsatizana pa sekondi iliyonse. Pa sikirini nambala imeneyi imalembedwa kuti FPS. Pa zithunzi 30 pa sekondi, chipu chili ndi mamilisekondi 33 kuti chimalize chithunzi chimodzi. Pa zithunzi 60, nthawiyo imatsika kufika pochepera 17. Ntchito yawirikiza, magetsi achuluka, kutentha nakonso kwakwera. Maso a munthu amazolowera 30 yokhazikika. Chimene sazolowera ndi nambala yodumphadumpha, manje 40, manje 18, manje 35. Kudumpha kumeneku ndiko timati foni ikukakamira.

Dzina limene silionekera pa katoni

Pa katoni pamalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu za kamera ya 50MP, batire ya 5000mAh ndi RAM ya 8GB. Dzina la chipu mumalipeza m'tizilembo tating'ono, mwinanso osalipeza. Koma pa nkhani ya magemu, dzina limenelo ndilo lofunika kuposa zonse.

Machipu amene amapezeka kwambiri m'mafoni otchipa tingawaike pa masitepe atatu. Pansi pali monga Unisoc SC9863A ndi MediaTek Helio G36. Musanyengedwe ndi chilembo G chimene chili pa dzina la G36. Mitima yake yonse isanu ndi itatu ndi ya mtundu waung'ono wosunga magetsi, palibe umodzi wamphamvu. Foni yotere ndi ya WhatsApp, ya mobailo mane, ya Ludo, ndipo Free Fire imayendako mukatsitsa zithunzi. Pakati pali monga Unisoc T606 ndi Helio G85, zimene zili ndi mitima iwiri yamphamvuko ndi isanu ndi umodzi yaing'ono. Pa ziwirizi, G85 ndi imene ili ndi mbali yojambula zithunzi yamphamvu. Apa PUBG Mobile ndi Call of Duty Mobile zimaseweredwa, malinga mwatsitsa zithunzi. Pamwamba pa gulu lotchipa pali monga Helio G99, imene inapangidwa ndi luso la 6nm pamene G85 ndi T606 ndi za 12nm. Nambala imeneyi ikachepa, chipu chimagwira ntchito yofanana ndi magetsi ochepa, ndiye chimachedwa kutentha.

Palinso magemu amene palibe sitepe iliyonse mwa atatuwa imene ingawanyamule bwino. Genshin Impact, yomwe inatuluka mu 2020, imatenthetsa ngakhale mafoni odula kwambiri, ndipo imadya malo opitirira 20GB. Pa foni ya 64GB yodzaza kale ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, mwina siingalowe n'komwe. Ikalowa idzatseguka, zoona, koma kutseguka ndi kuseweredwa ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Nanga RAM ija ya 8GB? Yang'anitsitsani. Pa mafoni ambiri otchipa pamalembedwa 4GB+4GB. Zinayi zoyamba ndizo RAM yeniyeni. Zinayi zinazo ndi malo obwereka ku mbali yosungira zithunzi ndi mafayilo, imene ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Makampani amazitcha maina osiyanasiyana, monga Memory Fusion kapena RAM Plus. Zimathandiza kuti maapu amene mwawasiya kumbuyo asatsekeke msanga, koma siziwonjezera ngakhale chithunzi chimodzi pa sekondi mu gemu. Amene akugulitsani foni ya 4GB+4GB ngati ya 8GB wakuuzani theka la choonadi.

Tiyeni tiwerenge ndi foni imodzi

Titenge foni wamba ya mtundu umene ambiri ali nawo m'makomboni: chipu Helio G85, RAM yeniyeni 4GB, batire 5000mAh ndi chaja ya mawati 10. Gemu ikhale PUBG Mobile.

Mu gemu imeneyi muli zosankha ziwiri zimene anthu amasokoneza. Choyamba ndi kukongola kwa zithunzi, kumene kuli masitepe monga Smooth, kenako Balanced, HD ndi kupitirira. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi: Low ndi 20, Medium ndi 25, High ndi 30, Ultra ndi 40, Extreme ndi 60. Pa foni ngati yathuyi, gemu yokha nthawi zambiri imabisa Extreme chifukwa imadziwa kuti chipu sichingakwanitse.

Wachinyamata amene wangogula foni amathamangira HD, pakuti udzu ndi mithunzi zimaoneka bwino. Apa chipu chimagwira ntchito pa malire ake kuyambira sekondi yoyamba, chilibe mphamvu yotsala. Adani akachuluka, utsi ukaponyedwa, galimoto zikaphulika, nambala imagwa. Kutentha kukabwera, imagwa futi. Mnzake amene wasankha Smooth ndi High wapatsa chipu ntchito imene chingamalize n'kupumako pang'ono chisanayambe chithunzi chotsatira. Kupuma kumeneko ndiko kumasunga foni yozizira, ndipo kukabwera chipwirikiti chipu chimakhala ndi mphamvu yapadera yotulutsa. Zithunzi zake si zokongola, koma mphindi ya 25 ikuyenda ngati mphindi yoyamba. Ngati foni ikhalabe yofunda chabe pambuyo pa magemu awiri, angayese Ultra. Ikayamba kudukiza, abwerere pa High.

Manje batire. Nambala ya 5000mAh payokha siikuuzani maola. Batire ya foni imagwira ntchito pa mavoti pafupifupi 3.85, ndiye mukachulukitsa mupeza kuti imasunga magetsi okwana kuyendetsa chinthu cha wati imodzi kwa maola pafupifupi 19. Tinene kuti pa Smooth, kuwala kwa sikirini kuli pakati ndipo netiweki ili bwino, foni yonse ikudya mawati 3. Gawani 19 ndi 3, mupeza maola opitirira pang'ono 6. Tinene kuti mwakweza zithunzi, mwakhala panja pa dzuwa kuwala kuli pa mapeto, netiweki ili ndi kandodo kamodzi, ndipo foni ikudya mawati 5. Maola atsika kufika pochepera 4. Mawati awiri owonjezerawo sanangodya batire chabe, asandukanso kutentha m'manja mwanu.

Pa mbali iyi tiyenera kunena zoona: foni yotchipa siichita manyazi. Chipu chake ndi chaching'ono, sichingakoke magetsi ambiri ngati cha foni yodula, ndipo batire yake nthawi zambiri ndi yaikulu. Ndiye pa funso la kutha kwa batire, foni yotchipa yatsopano imalimba ndithu. Pamene imagonja ndi pa kuyenda kosadukiza. Ndipo pamene imafera ndi pa chizolowezi chimodzi chimene tonse tikuchidziwa.

Kusewera ili pa chaja

Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, malaiti anali kupita maola ambiri pa tsiku, ndipo tinaphunzira kuthamangira soketi akangobwera. Chizolowezi chimenecho chinatsala. Mwana amalumikiza foni pa chaja, ndipo poti kudikira n'kowawa, amayamba kusewera pomwepo. Ena amasewera foni ili pa pawabanki m'minibasi, dzuwa likuwomba pa windo.

Apa foni ikutenthedwa mbali ziwiri. Chipu chikutentha ndi gemu, batire nayonso ikutentha ndi kutchaja, ndipo ziwirizi zagonerana m'kathupi kopyapyala. Pa mawati 10 a chaja, gemu ikutenga gawo lake, batire ikulandira zotsala, ndiye kutchaja kumene kukanatha m'maola atatu kumatalika, ndipo nthawi yonseyo batire ili pa moto. Onjezerani kava yochindikala ya labala imene imatsekera kutentha, onjezerani mwezi wa Okutobala pamene Lusaka imapitirira madigiri 30 ndipo m'nyumba ya malata mumatentha kuposa panja. Foni imazizira potaya kutentha mu mpweya woizungulira. Mpweyawo ukakhala wotentha kale, kutaya kumachepa. Ndiye chifukwa chake foni imene inali kuyenda bwino mu Juni imakakamira mu Okutobala pa gemu yomweyo.

Mabatire a m'mafoni sayenera kutchajidwa akapitirira madigiri 45, ndipo mafoni ambiri amachepetsa kapena kuimitsa kutchaja akayandikira pamenepo. Koma ngakhale musanafike pa malirewo, kutentha kwa tsiku ndi tsiku kumakalambitsa batire msanga. Chizindikiro choyamba n'chakuti foni imene inali kufika madzulo manje ikufuna chaja masana. Chachiwiri n'chakuti imazima yokha ikadali pa 15 kapena 20 peresenti, makamaka mukatsegula gemu. Chachitatu ndi choopsa: batire imafufuma, chivundikiro cha kumbuyo chimayamba kutukuka, kapena galasi limanyamuka m'mbali. Mukaona zimenezi lekani kuitchaja. Musaikanikize, musaiboole, ipititseni kwa okonza mafoni akasinthe batire. Batire yofufuma ingathe kuyaka, ndipo foni yotere siyoti mwana azigona nayo pansi pa pilo.

Kuziziritsa foni yotentha sikufuna nzeru zambiri. Tsekani gemu, chotsani chaja, vulani kava, iikeni pa mthunzi pa tebulo kapena pa simenti kwa mphindi khumi. Pa bedi kapena pa sofa ayi, pakuti nsalu imasunga kutentha. Mu fuliji ayi, pakuti foni yotentha ikazizira mwadzidzidzi chinyezi chimasanduka timadontho ta madzi, ndipo madzi ndi mawaya a m'kati sizigwirizana.

Si kudukiza konse kumene kuli mlandu wa foni

Musanatukwane foni, siyanitsani mavuto awiri amene amaoneka ofanana. Magemu a pa intaneti amaonetsa kanambala pa kona ya sikirini kotsatidwa ndi zilembo ms. Imeneyo ndi nthawi imene uthenga umatenga kupita ku makompyuta a eni gemu, amene ali kunja kwa dziko lino, ndi kubwerako. Ngati zithunzi zikuyenda bwino koma mdani akudumpha malo, kapena mwawombera koma chipolopolo chachedwa, yang'anani nambala imeneyo. Ikakhala yofiira, vuto ndi netiweki, ndipo ngakhale foni yodula idzavutika chimodzimodzi. Koma ngati nambalayo ili bwino ndipo sikirini yonse ikukakamira mukatembenuka, makamaka pambuyo pa mphindi 20, vuto ndi chipu ndi kutentha.

Ziwirizi zimakumananso penapake. Netiweki ikakhala yofooka, foni imakweza mphamvu yolankhulira ndi nsanja, ndipo zimenezi zimadya batire ndi kuwonjezera kutentha. Kusamukira pafupi ndi windo, kapena kugwiritsa ntchito Wi-Fi pamene ilipo, nthawi zina kumathandiza kuposa kusintha chilichonse mu gemu.

Mayeso a theka la ola

Njira yodziwira zoona ndi yosavuta, ndipo siifuna katswiri. Choyamba dziwani dzina la chipu. Lowani mu Settings, kenako About phone. Ngati silikuoneka, kaapu kaulere kotchedwa CPU-Z kamalionetsa, pamodzi ndi kukula kwa RAM yeniyeni ndi kutentha kwa batire. Chachiwiri, chotsani foni pa chaja, lembani peresenti ya batire ndi kutentha kwake. Chachitatu, sewerani gemu imene mukufunayo kwa mphindi 30 osapuma, gemu yeniyeni ya anthu ambiri osati malo ophunzirira. Mukamaliza yang'anani futi manambala aja.

Tinene kuti munayamba pa 80 peresenti ndipo mwatsiriza pa 68. Zapita 12 pa theka la ola, kutanthauza 24 pa ola. Batire yodzaza idzakupatsani maola anayi ndi mphindi zochepa, ndipo ngati mufuna kusiya 20 peresenti ya kuimbira foni ndi kulandira ndalama, maola atatu ndi mphindi 20. Ngati kutentha kwa batire kwakhala pansi pa madigiri 40 ndipo mphindi khumi zomaliza zinayenda ngati zoyamba, foniyo yakwanitsa gemu imeneyo. Ngati kwayandikira 45 ndipo gemu yayamba kukakamira, tsitsani zithunzi muyesenso. Ikalephera pa Smooth, ndiye kuti gemuyo si ya foni imeneyo, ndipo palibe chimene mungaikemo kuti chisinthe zimenezi. Maapu amene amalonjeza kuziziritsa foni kapena kuithamangitsa sangachotse kutentha ndi mapulogalamu. Chimene amachita ndi kutseka maapu ena, zimene mungachite nokha, ndipo ambiri amabwera ndi zotsatsa malonda zimene zimadyanso bandulo.

Tikudziwa kuti si shopu iliyonse imene idzakulolani kukhala theka la ola ndi foni yosalipira, makamaka yomata mu katoni. Ndiye yesani foni ya mnzanu ya mtundu womwewo musanapite kukagula. Pa foni yogwiritsidwapo kale ntchito, mayeso amenewa ndi ofunika kwambiri, pakuti batire yake ingakhale itakalamba kale ngakhale kunja ikuwala.

Pempho lathu

Kwa ogulitsa tikuti: lembani dzina la chipu pa kapepala ka mtengo, ndipo RAM yeniyeni muilekanitse ndi yobwereka. Kasitomala akafunsa za gemu, muuzeni kuti iyi ya Free Fire ikwana, ya Genshin Impact siikwana. Mudzataya malonda a tsiku limodzi, koma amene mwamuuza zoona adzabwera ndi mng'ono wake. Kunamiza wogula za katundu ndi nkhani imene bungwe loteteza ogula la CCPC limalandira madandaulo ake, ndiye inu ogula tengani lisiti, ndipo funsani za waranti ndalama zisanachoke m'manja.

Kwa makolo amene mukugulira mwana foni ya sukulu koma mukudziwa kuti idzakhalanso ya magemu, ndalama yowonjezera muiike pa chipu, osati pa kuchuluka kwa makamera kumbuyo. Ndipo lamulo la m'nyumba likhale limodzi: foni ikakhala pa chaja, gemu ayi.

Kwa inu osewera, vomerezani foni imene muli nayo. Zithunzi 30 zokhazikika pa Smooth zidzakupambanitsani kambiri kuposa HD imene imakakamira mdani akatulukira. Foni imeneyo ndi imene mumalandirira ndalama, kufunsira ntchito ndi kulankhulira ndi akumudzi. Kusintha batire chaka chisanathe chifukwa cha mithunzi ya mitengo ya mu gemu ndi kutaya ndalama imene ikanagula bandulo ya miyezi ingapo.